Khoma la thanki ya mpweya lichindikale bwanji?

"Ndikufuna thanki yosungira mpweya wa kompuresa, ya mamilimita 600 m'mimba mwake, yogwira ntchito pa 10 bar. Chitsulo chake chichindikale bwanji? Nanga n'chifukwa chiyani owotcherera amaopa kwambiri msoko wa m'litali kuposa wozungulira?"

Zikomo polemba. Ndiyambira pa msokowo, chifukwa mukaumvetsa, masamu enawo savutanso.

Yerekezani kuti mwaing'amba thankiyo pakati m'litali, n'kukhala ndi zibenthu ziwiri. Mpweya umakankha zibenthuzo kuti zilekane, ndipo mphamvu yake ndi pulesha kuchulukitsa ndi m'mimba mwa thanki ndi utali wake. Chimene chikuzigwira ndi m'mphepete muwiri mokha mwa chitsulo. Tsopano iduleni chopingasa. Apa mpweya ukukankha zivindikiro za kumapeto, ndipo chogwira ndi mkombero wonse wa khoma. Mukagawa mphamvu ndi kukula kwa chitsulo chogwiracho, mumapeza izi:

```
σh = p·r / t
σl = p·r / (2·t)
```

Apa p ndi pulesha, r ndi theka la m'mimba mwa thanki, t ndi kuchindikala kwa khoma. σh ndi kukokeka kwa chitsulo mozungulira thanki, σl ndi kukokeka kwake m'litali. Koyambako n'kowirikiza kawiri. Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti kukokeka kozungulira ndiko kumatsegula msoko wa m'litali, chifukwa kumaukoka mopingasa. N'chifukwa chake paipi ikaphulika ndi pulesha imang'ambika chotsata utali wake, siduka ngati ndodo. Owotcherera anuwo akunena zoona.

Masamuwa amagwira ntchito ngati khoma ndi lopyapyala, kutanthauza kuti t sakupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a r. Likachindikala kuposa apo, mkati mwa khoma mumakokeka kwambiri kuposa kunja, ndipo pamafunika masamu a Lamé.

Tibwere ku thanki yanu. 10 bar ndi 1.0 MPa, koma sitiwerengera ndendende pamenepo. Tikweze pang'ono kufika 1.1 MPa kuti valavu yotulutsa mpweya wopitirira ikhale ndi potsegukira. Titenge chitsulo cha SA-516 Grade 70, chimene chimaduka chikakokedwa ndi 485 MPa kapena kuposa. Malamulo a ASME, bungwe la mainjiniya la ku America, mu Section VIII Division 1, amagawa nambalayi ndi 3.5, ndiye malire ololedwa, S, ndi 138 MPa.

Pali nambala inanso imene ndimadandaula kuti anthu amaidumpha, E, yosonyeza mmene tingadalire msoko. Msoko wowotcherera mbali zonse ziwiri ukaunikidwa wonse ndi ekisire, E ndi 1.0. Ukaunikidwa apa ndi apo, ndi 0.85. Ukapanda kuunikidwa, ndi 0.7. Ndikutenga 0.7, poti mathanki aang'ono ambiri saunikidwa.

```
t = p·r / (S·E − 0.6·p)
t = 1.1 × 300 / (138 × 0.7 − 0.66)
t = 330 / 95.94 = 3.44 mm
```

Ka 0.6·p kaja kamangokonza pang'ono kusiyana kwa mkati ndi kunja kwa khoma. Pa thanki ngati yanu sikasintha zambiri.

Mamilimita 3.44 si chitsulo chokagula ayi, ndi chimene chiyenera kukhala chitatsala tsiku loyipitsitsa la thankiyo. Mpweya wopanikizidwa umasiya madzi pansi pa thanki, ndipo dzimbiri limadya kuchokera mkati, kumene diso silifika. Tikaonjezera mamilimita 1.5 a dzimbiri, tafika 4.94. Chitsulo cha mamilimita 5 chikuoneka ngati chakwana, koma ine sindingachitenge. Chimatha kubwera choperewera pang'ono kuchokera kufakitale, ndipo mpata wa 0.06 si mpata. Tengani cha mamilimita 6. Dzimbiri likadya 1.5 n'kutsala 4.5, σh idzakhala 73 MPa ndipo σl pafupifupi 37 MPa, pamene msoko wanu umaloledwa 96.6 MPa.

Chonde musaganize kuti mamilimita 6 athetsa zonse. Masamuwa ndi a thupi la thanki lokha. Chivindikiro chafulati chimapindika, sichingokokeka, ndiye chimafuna chitsulo chochindikala kangapo. Pa thanki yanu mpweya umachikankha ndi mphamvu yoposa matani 30, n'chifukwa chake zivindikiro amazipanga zofukula ngati mbale. Bowo lililonse lolowetsa paipi limaunjika kukokeka m'mphepete mwake, ndipo ming'alu imakonda kuyambira pamenepo.

Thanki ikatha, iyesedwe ndi madzi, osati mpweya. Malamulo omwewo amati pulesha yoyesera ikhale 1.3 kuchulukitsa yololedwa, ndiye kwa inu ndi 1.43 MPa. Madzi sapanikizika kwenikweni, choncho msoko ukalephera umangotulutsa madzi ndipo geji imatsika. Mpweya umasunga mphamvu yochuluka moti umamwaza zidutswa za chitsulo. Mapulani ndi kuyesako aziyang'anire injiniya wovomerezeka, ndipo poyesa thanki idzaze madzi mpaka mpweya wonse utuluke pamwamba musanayambe kupopa.