Timu ikufuna yunifomu ya mizere, nditchaje bwanji?

"Ndine telala ku Bangwe kuno. Anyamata a timu ya m'dera lathu akufuna ndiwapangire yunifomu ya anthu 18, jezi yofiira ya mizere yoyera, manambala, makabudula ndi masokosi, akalowe nayo bonanza. Akuti ndingogula matisheti apuleni ndikongoletse. Sindinapangepo, ndiye ndikuopa kuluza. Ndiyambire pati?"

Achimwene, oda imeneyi itengeni, koma musatchule mtengo musanakhale pansi ndi pepala kuwerenga mizereyo, chifukwa phindu la ntchito ngati iyi limathera pamenepo, osati pa tisheti ayi.

Tiyambe ndi manambala poti ndi osavuta kuwerenga. Anthu 18 si manambala 18. Kuyambira 1 mpaka 9 ndi zilembo 9, kuyambira 10 mpaka 18 aliyense amadya ziwiri, zonse pamodzi 27, ndipo osindikiza ambiri amatchaja pa chilembo. Muyezo wa FIFA pa nambala yakumsana ndi masentimita 25 mpaka 35 kutalika, yapakabudula 10 mpaka 15. Inu tengani 25 ndi 10, zikwana, refa aziona bwinobwino. Vainilo, pulasitiki yomata ndi moto ija yomwe amadulapo manambala, nthawi zambiri imabwera mu rolo ya masentimita 50 mulifupi, ndiye zilembo zazikulu zimakwana zitatu pa mzere, mizere 9, pafupifupi mamita awiri ndi hafu. Zapakabudula zimadya hafu mita. Gulani mamita atatu ndi hafu chifukwa mudzaonongapo ndithu, aliyense amaiwalako kamodzi kuti vainilo imadulidwa motembenuza ngati pa galasi, umangoona 3 wayang'ana kumbuyo.

Tsopano mizere. Anyamata akamati mizere amakhala akuganiza yotsika kuyambira paphewa mpaka pansi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Tiwerenge: osewera mkati ndi 16 (magoloboyi awiri avala zina), mizere itatu kutsogolo itatu kumbuyo, uliwonse masentimita 70 kutalika ndi 5 mulifupi. Zikukwana mamita 67 a mzere, kutanthauza pafupifupi mamita 7 a rolo mukati mizereyo ikhale ya vainilo. Kawiri kuposa manambala onse! Komanso vainilo siipuma, munthu kuthamanga mphindi 90 mu Okutobala ndi pulasitiki pachifuwa ndi kumsana adzakutukwanani, ndipo mzere wautali choncho ndi umene umayamba kusweka jezi ikamakokedwa.

Inu muli ndi makina, ndiye mizere sokani. Gulani nsalu yoyera ya jezi yomweyo, yotamuka, mudule timizere, musoke ndi zigizagi ndi singano yosokera nsalu zotamuka ija yosasongoka kwambiri. Riboni kapena tetironi musayerekeze, sizitamuka, ndiye jezi ikachapidwa imakwinyika m'mbali mwa mzere ndipo ulusi umaduka munthu akangomukoka. Posoka musamaikoke nsalu, isiyeni iziyenda yokha.

Ine ndikanawauza kuti mizere ikhale kutsogolo basi, kumbuyo puleni. Nambala yoyera pamwamba pa mizere yoyera siiwerengeka, ngakhale matimu akuluakulu ovala mizere amasiya malo opanda mzere kumsana. Ndiye ntchito yatsika ndi theka ndipo jezi ikuoneka bwino kuposa mmene amafunira. Akakakamira zotchipa kwambiri, mizere iwiri pamkono ndi umodzi m'mbali mwa kabudula zimaonekanso bho. Koma itatu yofanana yotsika pamkono ija ndi chizindikiro cha Adidas, isiyeni, chimodzimodzi baji ya Bullets kapena Manoma, eni ake alipo. Timuyo ipange baji yakeyake.

Kuika nambala: pindani jezi pakati kutsata kolala, sitani pang'ono pakhale mzere wokutsogolerani. Nambala iyambire masentimita 12 mpaka 15 pansi pa kolala ngati palibe dzina, ndipo dulani kakatoni ka muyezo umenewo muzingoika pa jezi iliyonse, zoyeza ndi maso zimaoneka anthu akafola pagulu, wina nambala ili paphewa wina ili m'chiuno. Manambala awiriawiri ndi amene amapusitsa. 1 ndi woonda, ndiye mukaika 1 mbali ino 4 mbali iyo ya mzere wapakati, 14 yense amapendekera kumanja. Ayaleni onse awiri ndi mpata wa zala ziwiri pakati, muyeze mulifupi mwa onse pamodzi, pakati pake ndi pamene pagwere pa mzere. Pakabudula nambala ikhale kutsogolo pa mwendo umodzi, womwewo kwa onse.

Kumata kwake musachite ndi simbi ya makala. Vainilo imafuna kutentha kofanana, cha m'ma digiri 150 kwa masekondi 10 mpaka 15, ndi kutsindika mwamphamvu, pomwe simbi imatentha pena pena, lero zimaoneka zagwira koma akachapa kawiri makona ayamba kutukuka. Kalipireni kwa amene ali ndi makina osindikizira. Kugula anuanu chifukwa cha oda imodzi ayi, dikirani matimu atatu anayi abwere kaye.

Ndiye pali vuto la mtundu wofiirawo. Poliyesita wofiira akatenthedwa kwambiri utoto wake umalowa mu choyera, nambala imasanduka pinki, ndipo choipa nchakuti nthawi zina zimadzaoneka patapita masiku angapo katundu mutapereka kale. Kuchapa nakonso, tisheti yotchipa imasuluka nkudetsa mizere yanu yosoka ija. Choncho gulani tisheti imodzi kaye, isokeni mizere, imateni nambala, ichapeni katatu ndi sopo wa ufa, ikhale sabata. Ikapirira ndiye kagulani zonse tsiku limodzi malo amodzi, 20 osati 18, chifukwa mukadzabwerera mwezi wamawa mudzapeza kufiira kwina. Za kaunjika pano sizithandiza, simungapeze 16 zofanana.

Makabudula sokani nokha, ndi pamene telala amadyerapo, lastiki ndi chingwe m'chiuno, opanda matumba komanso opanda zipi. Masokosi gulani ogula, aatali ofika m'mawondo oti aphimbe mashinigadi monga malamulo a mpira amanenera, ndipo musaikepo phindu lalikulu chifukwa mtengo wake anyamatawo amaudziwa. Magoloboyi awiriwo mtundu wawo usiyane ndi wa anzawo, obiriwira kapena achikasu, matisheti awo muwawerengere mkati mwa 20 aja.

Za ndalama tingoyerekeza, inu muikemo mitengo ya tsiku limene mukukagula poti zinthu zikusintha sabata ndi sabata. Matisheti 20 pa K7,000 ndi K140,000. Nsalu ndi lastiki ya makabudula K72,000, masokosi K63,000, vainilo K42,000, kusindikiza, nsalu ya mizere, ulusi ndi thiransipoti K33,000. Zonse K350,000. Mukaikapo K150,000 ya manja anu, oda ndi K500,000. Onani tsopano, mukanavomera mizere ya vainilo ija mamita 7 pa K12,000 ndi K84,000, kuposa theka la ndalama yanu yapita musanasoke nkomwe.

Dipoziti ikhale K350,000 yonseyo, musagule kanthu ndi ndalama ya m'thumba mwanu. Matimu a m'madera ndalama yawo imakhala yosonkherana kapena yolonjezedwa ndi bwana wina, ndipo mawu oti "tidzamaliza tikawina bonanza" musawamvere, jezi yolembedwa 14 kumsana simungaigulitse kwa wina. Lembani papepala dzina, saizi ndi nambala ya aliyense, kaputeni asaine musanadule vainilo, chifukwa pa 7 ndi 10 padzakhala mkangano ndithu, ndipo wofuna kusintha nambala itamatidwa kale alipire tisheti yatsopano. Yotsalayo K150,000 alipire tsiku lotenga katundu, chikwama chisanatuluke mu shopu.