Nthunzi yaing'ono, madontho osafanana

"Ndimagulitsa nshima ndi ifisashi ku Kabwata. Zithunzi zimene ndimapanga ndi makina ojambula potsatira mawu zikumaoneka ngati za pulasitiki. Ndilembe chiyani?"

Amayi, yambani ndi kuchepetsa nthunzi. Mukalemba `steam` yokha, makina amatulutsa chiutsi ngati mbale yapsa. Ine ndimalemba chonchi:

```
thin wisps of steam, side backlight, dark background, matte surface
```

Nthunzi yeniyeni imaonekera kuwala kukachokera kumbuyo kapena m'mbali, kumbuyoko kuli kwakuda. Pakhoma loyera siioneka, ndiye makina akaikakamiza pamenepo diso limadziwa msanga kuti ndi bodza. Mawu akuti `matte` ndi a nshimayo, chifukwa nshima sinyezimira. Chotsani `glossy` ndi `perfect`. Ndiwo amabweretsa pulasitikiyo.

Madontho amakhala pa chinthu chozizira, monga tomato wongotsukidwa kumene kapena botolo la maheu lochokera m'firiji. Tsiku lina makina anandiikira mame pa nkhuku yotentha, ndinaseka ndekha. Lembani `uneven droplets`, ena akulu, ena atayenderera.

Chibwabwa makina sachidziwa bwino, amajambula sipinachi. Jambulani mbale yanu pafoni pafupi ndi zenera, makina angowonjezerapo nthunzi. Ngati chithunzicho chikupita pa paketi kapena chikwangwani, pezani wojambula waluso, ndipo funsani wodziwa malamulo a malonda, poti kuonetsa zimene simuika m'mbale n'kunamiza ogula.