Za lipoti la abwana lija

"Achimwene, abwana akufuna lipoti la mwezi la kampeni yathu yotsatsa malonda. Manambala ndili nawo mbwee, koma ndilembemo chiyani kuti adziwe chochita?"

Eee mng'ono wanga, ndangoti ndijambule mawu, kulemba kunditalikira. Abwanawo funso lawo ndi limodzi: kuti tipeze wogula mmodzi, tawononga zingati? Nambala imeneyo pasikirini suipeza, uyenera kuwerengera wekha.

Ukatsegula Ads Manager, tsamba loyendetsera zotsatsa za pa Facebook lija, uona pamene palembedwa Cost per result. Apo ndi pomwe ambiri amapusitsika. Ngati kampeni munaitchera kuti anthu azitumiza mauthenga, nambalayo ikunena mtengo wa uthenga umodzi, osati wa munthu amene watulutsa ndalama.

Tiyerekeze chonchi. Muli ndi zotsatsa ziwiri, chilichonse chadya 50,000. Choyamba chabweretsa mauthenga 100, ndiye uthenga umodzi ndi 500. Chachiwiri mauthenga 40 okha, umodzi 1,250. Ukangoyang'ana pamenepo uthamangira kuzimitsa chachiwiricho, eti? Dikira kaye. Katenge buku la zogulitsa uwerenge amene anaguladi. Tinene kuti choyamba anagula anthu 5, chachiwiri anthu 10. Gawa tsopano: wogula mmodzi wa choyamba wakudyerani 10,000, wa chachiwiri 5,000.

Kenako funsa abwana phindu limene limatsala pa wogula mmodzi akachotsa mtengo wa katundu. Phindu ndikunena, osati ndalama yonse yolowa. Likakhala 8,000, choyamba chija chabweza 40,000 pa 50,000, mwaluza 10,000. Chachiwiri chabweza 80,000, mwatsala ndi 30,000.

Ndiye pamwamba penipeni pa lipoti lemba zochita, m'mawu wamba. Chachiwiri tichiwonjezere ndalama pang'ono, tione ngati 5,000 ija ikhalebe pomwepo, chifukwa nthawi zambiri imakwera ukawonjezera. Choyamba tichiimitse kaye. Manambala abwere pansi ngati umboni. Za ma Reach, kuchuluka kwa anthu amene anaona chotsatsa, ndi ma layiki, mzere umodzi kumapeto ukwanira.

Koma usanachiweruze choyambacho, tsegula mauthenga 95 amene sanagule aja, uwerengeko ngakhale 20. Ukapeza kuti munthu anafunsa m'mawa n'kuyankhidwa mawa lake, vuto si chotsatsa ayi, ndi kayankhidwe kanu, ndipo lipoti linene zimenezo, ngakhale ena akwiye. Ukapeza kuti ambiri akungofunsa mtengo n'kuzimiririka, lembani mtengowo pachotsatsa pomwepo, osakwanitsa asavutike n'kufunsa.

China, ogula 5 ndi ochepa. Awiri okha atachedwa n'kudzagula mwezi wamawa, akhala 7, phindu 56,000, nkhani yatembenuka. N'chifukwa chake ndati kuimitsa kaye, osati kuchifufuta.

Aa, ndikanaiwala. Zonsezi zitheka ngati mumalemba kumene wogula aliyense anachokera. Ngati simulemba, uza wogulitsa ayambe mawa kufunsa kuti "mwationa pati?" n'kulemba pambali pa risiti. Ukamaliza unditumizire ndiliwone lisanapite kwa abwana.