Pulogalamu ya pa Windows XP ikukana laputopu yatsopano, nanga buku la ngongole lili kuti?

"Ndili ndi shopu ya hadiweya ku Luwinga. Kuyambira 2011 sitoko ndi ngongole za makasitomala timalemba mu pulogalamu ina pa kompyuta ya Windows XP. Ndagula laputopu ya Windows 11 koma pulogalamu ija ikukana, ndipo amene anatipangira anapita ku Joni kalekale, sidi yake tilibe. Mphwanga akuti aika vechuwo mashini, kompyuta yakaleyo ndiwapatse alamu anga omwe akhala akuyipempha. Zitheka? Anthu ali nane ngongole pafupifupi K4.8 miliyoni ndipo zonse zili mmenemo."

Zitheka bambo, mphwanuyo sakunama, koma alamuwo ayambe adikira. Kompyuta yakale isatuluke pa shopu mpaka yatsopanoyo itagwira ntchito mwezi wathunthu ma balansi akufanana, ndipo ngakhale pamenepo hadi disiki muchotse ikhale kwa inu. Alamu akadandaula auzeni kuti ndakaniza ndine.

Chimene mphwanuyo akufuna kuchita ndi kuika VirtualBox pa laputopu, ndi yaulere, ndiye mkati mwake mumakhala kompyuta yongoyerekeza imene imayendetsa XP wanu uja pa windo yakeyake, pulogalamu yanu siidziwa nkomwe kuti yasamuka. XP safuna zambiri, RAM ya 1GB imukwanira. Ikakana kuyaka nkumatchula VT-x ayang'ane mu BIOS, chimenecho chimangofunika kuyatsa basi.

Pamene pavute ndi pa sidi mulibeyo. Anyamata ambiri amangokopera foda ya pulogalamu pa fulashi nkukaiponya mu XP watsopano kenako nkumadabwa ikukana, chifukwa mapulogalamu a nthawi imeneyo amamwaza tizidutswa tawo mu Windows monse, mu rejisitire ndi kwina, foda yokha siikwanira. Njira yake ndi kujambula disiki yonse mmene ilili. Achotse hadi disiki mu kompyuta yakale, ayilumikize ku laputopu ndi adaputa ya USB, ayendetse Disk2vhd ya Microsoft, achotse chizindikiro pa Use Vhdx kuti itulutse fayilo ya .vhd, fayilo imeneyo ndiye ayipereke kwa VirtualBox ngati disiki ya mashini atsopanowo. Ikayaka nkubwera sikirini ya buluu yolembedwa 0x0000007B asachite mantha, deta sinafe, XP wangolephera kuzindikira pamene disiki yalumikizidwa, nthawi zambiri ukapita ku Settings, Storage nkuyiika pa IDE mmalo mwa SATA zimayenda. Yembekezeraninso kuti XP akhoza kupempha akitivesheni chifukwa akuona ngati mwamusinthira kompyuta, ndipo laisensi imene inabwera ndi kompyuta yogula kale ili ndi Windows imakhala ya kompyuta yomweyo. Ichi nchifukwa china chosathamangira kupereka yakale ija.

Pulinta ya malisiti ayiyese tsiku lomwelo, osati Lolemba mmawa kasitomala wa malata ataima pa kauntala. Ngati ndi ya USB imalowa kudzera pa Devices, USB. Ngati ndi ija ya chingwe chachikulu chamakedzana laputopu ilibe polowetsa, mufunika adaputa kapena pulinta ina. Ndipo intaneti mu XP ayi, pa Network asankhe Not attached. Microsoft inasiya kumukonza XP mu Epulo 2014, mabowo ambiri amene apezeka kuyambira pamenepo ali chitsegukire.

Tsopano funso limene munayenera kundifunsa, loti laputopuyo ikasowa buku la ngongole likhala kuti. Zonse zikatheka, shopu yanu yonse, sitoko, mitengo, mayina a okongola ndi K4.8 miliyoni ija, zikhala fayilo IMODZI pa laputopu. Kompyuta yakale inali yolemera, inkagona pa shopu, palibe ankaifuna kupatula alamu. Laputopu imalowa mchikwama, imakwera sakaramento kupita ku Chibavi mvula ya kuno ikugwa, ana amaonerapo mafilimu, mphwanu tsiku lina malo akachepa aona chifayilo cha 40GB chosadziwika bwino nkuchifufuta. Makalata otere ndalandira ambirimbiri ndipo onse amafika zinthu zitaonongeka kale, amayamba ndi mawu oti tithandizeni.

Mphwanuyo akuuzani kuti musadandaule pali ma Snapshot, njira ya VirtualBox yosungira mmene XP analili tsiku lina kuti mudzabwererepo. Musamvere. Snapshot imakhala pa disiki yomweyo ndipo imadalira fayilo yaikulu ija, laputopu ikabedwa zapita limodzi. Choipa china, munthu akadina Restore pa Snapshot ya mwezi watha, malonda onse a mwezi uno afufutika, pulogalamu nkumaoneka bwinobwino ngati palibe chachitika, mudzazindikira kontilakita akubwera ndi lisiti loti analipira pomwe kompyuta ikuti sanalipire.

Tiwerengere mwachidule. Tinene kuti mumakongoza katundu wa K100,000 patsiku, mwina kuposa, inu mukudziwa. Masiku 26 ogulitsa pamwezi ndi K2.6 miliyoni ya ngongole zatsopano. Bakapu ya kamodzi pamwezi ndiye kuti mwavomera kuti tsiku loipa ndalama yonga imeneyo ikhale yopanda umboni. Ya pasabata ndi K600,000. Ya tsiku lililonse K100,000 basi, imeneyo mukhoza kuikumbukira pamutu. Ndipo musadzinamize kuti okongola adzabwera okha kudzakukumbutsani, amene amakupatsani moni ku tchalitchi yemweyo adzati ine ndinamaliza kale mu Juni, inu mudzatsutsa ndi chani? Mtengo wa fulashi ziwiri sufika ngakhale pa ngongole za tsiku limodzi.

Ndiye muzichita chonchi. Madzulo aliwonse potseka, bakapu ya mkati mwa pulogalamu ngati ilipo, kapena kukopera fayilo ya deta pulogalamu itatsekedwa, ipite mu Shared Folders, imeneyi ndi foda imene XP ndi laputopu amaionera limodzi mukaika Guest Additions, kapulogalamu ka VirtualBox kolowa mkati mwa XP, kuchoka apo ipite pa fulashi. Loweruka lililonse zimitsani XP bwinobwino, kenako File, Export Appliance, itulutsa fayilo ya .ova imene ndi kompyuta yonse ija, muiike pa disiki yakunja yogona kunyumba osati mchikwama chimodzi ndi laputopu. Pozimitsa, mukadina X pa windo musasankhe Power off the machine, kumeneko nchimodzimodzi kuzula pulagi pakhoma pulogalamu ikulemba, ndipo deta yamakedzana imaonongeka msanga ndi zimenezo. Zimitsani pa Start mkati mwa XP momwemo ngati kale.

Kamodzi, mwezi uno womwe, tengani .ova ija mukaiyese pa kompyuta ina ndi File, Import Appliance, mutsegule makasitomala atatu amene ali ndi ngongole zikuluzikulu muone ngati ma balansi akufanana ndi a pa shopu. Muchite ndi manja anu inuyo mphwanu ataima pambali, chifukwa naye adzamaliza sukulu nkupita ku Lilongwe, mudzakhalanso mukundilembera za munthu wachiwiri wosowa.

Ndipo kutha kwa mwezi uliwonse pulintani mndandanda wa okongola onse pa pepala, akuluakuluwo asayine pambali pa dzina lawo. Ngati pulogalamu imatha kutulutsa mndandandawo mu Excel kapena CSV tulutsaninso, chifukwa vechuwo mashini ikungokugulirani nthawi, pulogalamu yopanda mwini ikadzaonongeka palibe woikonza, ndipo tsiku losamukira ku ina mudzafuna mayina ndi ma balansi amenewo osati fayilo imene imatseguka mu XP yekha. Ine ndikanadziikira miyezi 12 yosamukira, nkuyamba kupatula ndalama yake panopa musanaonjezere sitoko ya simenti.