Phindu liwiri pa mafuta amodzimodzi: FIFO ndi avereji mitengo ikamakwera

Funso: Ndili ndi holoselo ndipo ndimagulitsa mafuta ophikira a m'zigubu za malita 20. Mwezi watha ndinayamba ndi zigubu 40 zomwe ndinaoda pa K60,000 chimodzi. Pakati pa mwezi ndinaoda 60 pa K70,000, kenako 50 pa K84,000. Ndagulitsa 110 pa K90,000, zatsala 40. Akauntanti anga akuti phindu ndi K2,460,000, mwana wa mchemwali wanga amene amandilembera pakompyuta akuti K1,980,000. Kodi wina akundibera? Mayi wa holoselo, Lunzu

Mayi, palibe amene wakuberani, ndipo onse awiri awerengera bwino. Asiyana pa funso limodzi: zigubu zomwe zatuluka m'sitolo tiziike pa mtengo uti, poti munazioda pa mitengo itatu? Mafuta salembedwa pachigubu kuti awa ndi a oda yoyamba kapena yachitatu, choncho wolemba mabuku amayenera kusankha lamulo loti azitsata.

Ndalama zonse zomwe munalowetsa m'mafutawa ndi K2,400,000, K4,200,000 ndi K4,200,000 ina, pamodzi K10,800,000 pa zigubu 150. Ndalama imeneyi iyenera kugawidwa pawiri: gawo lina lipite ku mtengo wa katundu wogulitsidwa, lina likhale mtengo wa katundu wotsala. Mukachepetsa uku, kwinaku kumakula.

Akauntanti anu atsata njira yotchedwa FIFO, yomwe imati katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka. Atenga zigubu 40 zakale pa K60,000, zigubu 60 pa K70,000, ndipo kuti zikwane 110 atapako 10 pa oda yomaliza ya K84,000. Zonsezi zikukwana K7,440,000. Mukachotsa pa K9,900,000 yomwe munagulitsa, ndiyo K2,460,000 ija. Zigubu 40 zotsala zonse zikuwerengedwa pa mtengo watsopano wa K84,000, kutanthauza K3,360,000.

Mnyamata wapakompyuta watsata avereji yoganizira kuchuluka kwa katundu. Njira iyi imasakaniza maoda onse ngati mafuta othiridwa mu dilamu limodzi:

```
10,800,000 / 150 = 72,000
110 x 72,000 = 7,920,000
40 x 72,000 = 2,880,000
```

Phindu likutsika kufika pa K1,980,000. Kusiyana kwa K480,000 kuli m'shelefu mwanu momwemo: FIFO ikuti zigubu zotsala ndi za K3,360,000, avereji ikuti K2,880,000. Mitengo ikamakwera zimakhala chonchi nthawi zonse, chifukwa FIFO imakankhira mitengo yakale yotsika ku katundu wogulitsidwa n'kusiya yokwera m'sitoko. Mitengo ikamatsika zimatembenuka, avereji ndiyo imaonetsa phindu lalikulu. Dziwaninso kuti katundu wotsala mwezi uno ndiye woyambira mwezi wamawa. Zigubu 40 zija zikadzagulitsidwa, FIFO idzazilemba pa mtengo wokwera, phindu lidzachepa ndi K480,000 yomweyo. Tsiku lomwe sitoko idzatheretu, phindu la miyezi yonse lidzafanana pa njira ziwirizi.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu ndi china. Kuti mubwezeretse zigubu 110 zomwe zatuluka, pa mtengo wa lero wa K84,000, mukufunika K9,240,000. M'kabati mwalowa K9,900,000. Yotsala ndi K660,000 yokha, ndipo pamenepo simunalipire lendi, magetsi ndi anyamata onyamula katundu. Mukakhulupirira phindu la FIFO n'kuchotsa K2,460,000 yonse kukalipira sukulu fizi kapena kugula malata, mutsala ndi K7,440,000, yomwe igula zigubu 88. Mukatsata avereji mutsala ndi K7,920,000, igula 94. Njira zonse ziwiri zikukusiyani ndi katundu wochepa kuposa yemwe munagulitsa, kungoti FIFO ikukunamizani kwambiri. Gawo lalikulu la phindu lomwe ikuonetsa labwera chifukwa munali ndi katundu wakale pomwe mtengo umakwera, ndipo phindu lotere limathera pa oda yotsatira. Amalonda ambiri anazionera okha ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: m'buku phindu lochuluka, koma mashelefu akunka nachepa. Chizindikiro chake n'chosavuta. Werengani mpamba wanu m'zigubu, osati m'makwacha. Ngati ndalama yomwe inkaoda zigubu 110 lero ikuoda 90 pomwe buku likuti mukupindula, mukudya mpamba. Pachifukwa chomwechi, mtengo wogulitsira muziukhazika poyang'ana mtengo wa oda yamawa, osati wa lisiti lakale.

Nanga musankhe iti? Malamulo a kalembedwe ka mabuku otchedwa IAS 2, komanso omwe anakonzera mabizinesi aang'ono, IFRS for SMEs, amalola zonse ziwiri. Amakana LIFO, njira yoti womaliza kulowa ndiye woyamba kutuluka. Amafunanso kuti katundu wofanana aziwerengedwa mwanjira imodzi, ndipo musamasinthe chaka ndi chaka pofuna kuti manambala akome. Pa mafuta, shuga, ufa ndi feteleza, zomwe mumaoda pafupipafupi pa mitengo yosinthasintha, ine ndimalangiza avereji. Imachepetsa kudumphadumpha kwa phindu, ndipo ngati bizinesi yanu ndi kampani yolipira msonkho wa 30 peresenti, kusiyana kotere kukafika kumapeto kwa chaka ndi K144,000 yomwe ingakhale kaye m'mpamba m'malo mopita msanga ku MRA. Msonkhowo sukhululukidwa, umangochedwa. FIFO nayo ili ndi ubwino wake: mtengo wa katundu wotsala umayandikira wa pamsika, zomwe zimathandiza a banki akafuna kuona chuma cha bizinesi. Kusankha avereji m'buku sikukuletsani kutulutsa zigubu zakale poyamba kuti zisadutse tsiku lake. Lamulo la m'buku ndi kasanjidwe ka m'shelefu ndi zinthu ziwiri.

Mukasankha avereji, samalani ndi zolakwa ziwiri. Ambiri amangophatikiza mitengo itatu n'kugawa ndi 3, apa n'kupeza K71,333. Uku n'kulakwa, chifukwa oda ya zigubu 40 siyingalemere mofanana ndi ya 60, ndipo manambala sadzabwerera pa K10,800,000. Cholakwa china n'kuiwala ndalama ya thiransipoti. Yomwe mwalipira galimoto kubweretsa katundu kuchokera ku Limbe imalowa mu mtengo wa odayo musanawerengere avereji, pomwe VAT yomwe mudzabwezeredwe, ngati munalembetsa, siyilowa.

Mufunsenso mnyamatayo ngati amawerengera avereji kamodzi pakutha pa mwezi, monga wachitira pano, kapena pulogalamu yake imaisintha oda iliyonse ikalowa. Njira yachiwiriyi imatulutsa nambala ina. Mwachitsanzo, mukanakhala kuti munagulitsa 30 oda ya K70,000 isanafike, zigubu 10 zakale ndi 60 zatsopano zikanapanga K4,800,000, avereji K68,571, ndipo ikanasinthanso oda yachitatu itabwera. Pulogalamu yotere imafuna kuti lisiti la oda lilowe musanayambe kugulitsa katunduyo. Mukachedwa, sitoko imaoneka yochepera ziro pakompyuta ndipo mtengo wa zogulitsidwa umasokonekera.

Sabata ino khalani pansi atatu nonse, muwerenge zigubu ndi manja kuti mutsimikize kuti zilidi 40, mugwirizane njira imodzi, ndipo akauntanti ailembe m'mabuku. Ngati mabuku a chaka chatha anatsekedwa pa FIFO, musangosintha pakati pa chaka: akauntanti awerengerenso katundu woyambira pa njira yatsopanoyo ndi kulemba chifukwa chosinthira.