Kombo ya kota: werengani musanalembe mtengo pa bolodi

Achimwene mwangofika kumene ku Joni ndipo mwapeza ganyu pamalo ogulitsa kota, chigawo cha buledi choboola pakati n'kuikamo tchipisi ndi zina, mudzamva abwana akunena kuti kasitomala asamachoke ndi chinthu chimodzi. Akunena zoona, koma ndalama zochuluka m'kabati si phindu ayi. Ine zinanditengera miyezi ingapo ku Tembisa ndisanazindikire zimenezi.

Pamalo pathu kota ya tchipisi, poloni ndi atcha tinkagulitsa R25, ndipo zonse zolowamo, kuphatikizapo mafuta ndi gasi, zinkadya R15. Phindu linali R10. Chakumwa chozizira tinkaoda pa R8 n'kugulitsa R12. Tinaganiza zoziphatikiza, kombo ya R35, kasitomala apulumutse R2. Phindu pa kombo imodzi linali R12, ndipo tinasangalala.

Chimene tinaiwala n'chakuti pa makasitomala khumi, atatu ankagula kale chakumwa pa mtengo wonse. Anthu khumiwo ankatisiyira phindu la R112. Ndi kombo, atatu aja anayamba kulipira zochepa, moti pankafunika anthu asanu ndi mmodzi otenga kombo kuti tingofika pa R112 yomwe ija. Akatenga asanu okha, ndiye kuti taluza R2, pamene furiji ikutha msanga ndipo ife tikuona ngati malonda akuyenda. Choncho musanalembe mtengo, khalani sabata imodzi ndi kakope, muzichonga aliyense wogula zonse ziwiri popanda kuuzidwa. Ngati ali ambiri kale, kombo isiyeni.

Chimene chinatithandiza kwenikweni ndi dzira. Tinkaoda pa R2.50, kukazinga pa moto womwewo, n'kuwonjezera R5 pa kota popanda kutsitsa kalikonse. Anthu ambiri amapereka R30 pogula kota ya R25, ndipo chenji cha R5 chikadali m'manja mwanu n'chosavuta kuti achisiye. Funsani pamene mukutsegula buledi, osati mutakulunga kale pepala. Mawu amodzi a Chizulu akwanira: "Neqanda?", kutanthauza kuti "Ndi dzira?" Anayi akavomera pa khumi, mwapeza R10 yowonjezera, imene kombo ija sinatipatsepo.

Koma funsani kamodzi kokha, achimwene, ndipo chinthu chimodzi. Mukayamba kutchula dzira, tchizi, soseji ndi chakumwa, mzere umatalika, ndipo munthu wa pa nthawi ya nkhomaliro amapita kwa mnzanu wa tsidya la msewu. Onaninso amene mukumufunsa. Mwana wasukulu wofumbata makobili owerengeka musamuchititse manyazi. Mayi amene akuwerenga tindalama mwezi uli pakati mpatseni chimene wapempha, mudzamufunsa kumapeto kwa mwezi.

Ndipo chonde, musagwiritse ntchito kombo pofuna kutulutsa poloni yotha masiku. Mwana wa munthu akadwala, amene adzamuloze chala ndi inuyo amene munali pawindo, mlendo, osati mwini wake wa malowo.