Kutseka mabuku a shopu ya anthu awiri chaka chikatha

"Tili awiri pa shopu ya hadiweya, ine ndinaika K3,000,000 mnzanga K2,000,000, phindu timagawana 60 kwa 40. Chaka chatha, nde titseka bwanji mabuku, nanga Januwale tiyamba ndi manambala ati?"

Achimwene, musanakhudze ndalama iliyonse werengani kaye sitoko pa 31 Disembala, ndipo muwerengere pa mtengo woodera osati wogulitsira, apo ayi phindu lidzaoneka lonenepa chonsecho ndi la bodza. Renti kapena magetsi a Disembala ngati simunalipire alembeni ndithu ngati zotuluka za chaka chomwechi, ndi ngongole imeneyo.

Tsopano pali maakaunti amene amafa ndi chaka, awa ndi zogulitsa, zooda, renti, malipiro a wantchito, thiransipoti. Onsewa mumawasamutsira pa tsamba limodzi la phindu ndi kuluza kuti iwo atsale pa ziro. Tiyerekeze mwagulitsa K9,000,000, katundu amene wagulitsidwayo kuphatikiza zolipira zonse zakwana K7,000,000, phindu ndi K2,000,000. Tsamba limenelinso mumalitseka poligawa, inu K1,200,000 mnzanuyo K800,000, aliyense pa akaunti yakeyake, osasakaniza ndi mpamba uja.

Apa nde pamene anthu amadanirana. Phindulo sikuti mukatenge kashi mu dirowa ayi, muyambe mwachotsa zomwe aliyense wakhala akutapa mkati mwa chaka, kaya fizi ya mwana, kaya matumba a simenti omwe anapita kunyumba "tidzaona kumapeto". Mukakhala kuti inu munatapa K1,500,000 ndiye kuti mwadya kupitirira gawo lanu, shopu ikukufunani K300,000. Mnzanu atapa K300,000 yokha, shopu imusungira K500,000. Ine zinandichitikira ndi mlamu wanga, simenti sitinkalemba, pofika Disembala aliyense amakumbukira zake, tinatha mwezi osayankhulana.

Zolowa mu Januwale ndi zomwe zilipodi basi. Mwachitsanzo sitoko K3,400,000, ku banki ndi pa foni K1,600,000, amene anatenga katundu pangongole K700,000, zonse pamodzi K5,700,000, muchotsepo K500,000 yomwe okupatsani katundu akukufunani, itsala K5,200,000. Mbali ya eni ake iyenera kubwera chimodzimodzi: mpamba K5,000,000, kuonjeza K500,000 ya mnzanu, kuchotsa K300,000 yanu ija, K5,200,000. Zogulitsa, zolipira ndi zotapa zimayamba pa ziro, koma K300,000 ndi K500,000 zija sizifufutidwa, zimawoloka nanu chaka.

Manambala awiriwo akakana kufanana musakakamize poika ka "zina ndi zina". Yang'anani kusiyanako, kukakhala K600,000 ndiye kuti K300,000 yanu mwaiphatikiza mmalo mochotsa. Zikagwirizana nonse musainire patsambalo, aliyense ajambule pa foni yake.